Sabata yotembenuza zitini za mkaka

Lachinayi pa 17 Febuluwale 2022 kampani ya Abbott idalengeza kuti mkaka waufa wa makanda wa Similac, Alimentum ndi EleCare wopangidwa kufakitale ya ku Sturgis, ku Michigan, ubwezedwe, makanda ena atadwala ndi kachilombo ka Cronobacter. Musitolo yathu kuno ku America ntchito ya sabata yonseyo idangokhala yotembenuza zitini, chifukwa nambala ya bachi, yosonyeza gulu la mkaka wopangidwa nthawi imodzi, imadindidwa kunsi, pafupi ndi deti lothera ntchito.

Chikalata cha Abbott chidapereka zizindikiro zitatu, ndipo chitini chinkachotsedwa ngati chili nazo zonse. Manambala awiri oyambirira a nambala ya bachi akhale kuyambira 22 mpaka 37, mkati mwake mukhale K8, SH kapena Z2, ndipo deti likhale 4-1-2022 kapena mtsogolo mwake. Chitini cha nambala yoyambira ndi 31 chokhala ndi K8, chothera mu 2023, chinkapita kukatoni yomata ndi tepi, kutali ndi katundu wogulitsa. Cha nambala yoyambira ndi 31 yemweyo koma chopanda K8, SH kapena Z2 sichinakhudzidwe, popeza zilembozo n’zimene zinkasonyeza kuti n’cha ku Sturgis.

Detilo limasokoneza amene tidazolowera kuyamba ndi tsiku. Kuno amayamba ndi mwezi, choncho 4-1-2022 ndi 1 Epulo, osati 4 Januwale.

Loweruka lidathera pa mashelefu, ndipo apa mpamene anthu amafuna kudula njira. Bakhodi siithandiza: imangonena mtundu ndi kukula kwa chitini, ndipo ndi imodzimodzi pa mabachi onse. Kuwerenga chitini chakutsogolo chokha nakonso n’kudzinamiza, chifukwa podzaza shelefu katundu watsopano amapita kumbuyo, mzere umodzi n’kukhala ndi mabachi angapo. Chilichonse chigwiridwe pachokha.

Inki yake ndi ya timadontho, ndiye ikafufutika pang’ono 8 amaoneka ngati B, S ngati 5, Z ngati 2. Pa Z2, pomwe ziwirizi zagundizana, mpovuta zedi. Tochi ya foni yowalitsa chammbali imatulutsa timadonthoto bwino kuposa getsi lapadenga. Chikakanikabe kuwerengeka, chichotsedwe basi. Mkaka wa khanda sitiuchitira zongoganizira.

Kuyambira Lolemba kudali kulandira zobwezedwa, zambiri zotsegula kale, ndi kulemba nambala yonse ya bachi ndi kuchuluka kwake pafomu. Wothira ufa m’chidebe china n’kutaya chitini tinkangomuuza kuti asaupatsenso mwana, poti nambala idapita ndi chitinicho.

Sabata idatha, nkhani isanathe. Pa 28 Febuluwale a Abbott adawonjezera Similac PM 60/40, umene sudali pa mndandanda woyamba, bachi imodzi yokha: 27032K80 pachitini, 27032K800 pakatoni. Wofufuza makatoni ndi nambala ya chitini ankayenera kudziwa kuti pakatoni pali 0 wina kumapeto.