Sabata imene nyemba 10 zinandikonza

Lolemba ndinalowa m'kalasi ya kemisitiri ya chaka choyamba nditanyamula thumba la nyemba. Bokosi la timipira tomangira mamolekyulu tili nalo limodzi lokha, pomwe ophunzira amadzaza chipinda, ndiye ndinazolowera kugawa nyemba pa desiki iliyonse. Nyemba imodzi ndi elekitironi imodzi ya m'chigoba chakunja cha atomu. Kajambulidwe ka timadontho kameneka kanachokera kwa Gilbert Lewis mu 1916, ndipo mfundo yake ndi yakuti maatomu awiri akabwerekana maelekitironi awiri, pamenepo pali bondi, timalemba kamzere. Awiri amene atsala pa atomu imodzi osabwerekedwa timawasiya ngati timadontho tiwiri. Ophunzira amawatcha loni peya, ine ndimati peya yokhala yokha.

Tinayamba ndi madzi, H2O. Okosijeni amabwera ndi 6, haidirojeni aliyense ndi 1, zonse pamodzi 8. Nyemba 4 zinapita m'mabondi awiri, 4 zotsala zinakhala mapeya awiri pa okosijeni. Apa panalibe wovutika.

Vuto linaoneka Lachiwiri usiku ndikuchonga CO2. Ambiri anaika kaboni pakati, zomwe ndi zoona, n'kulumikiza ndi mzere umodzi mbali iliyonse, kenako n'kumwaza timadontho mpaka atomu iliyonse itakwana 8, poti lamulo limati kaboni ndi okosijeni aliyense azunguliridwe ndi maelekitironi 8, kuwerengera ndi a m'mabondi omwe. Chithunzicho chimaoneka bwino ndithu, koma ukawerenga umapeza maelekitironi 20, pomwe kaboni anabwera ndi 4 ndipo maokosijeni awiri ndi 12, kutanthauza 16 basi. Anayi enawo anawatenga kuti? Cholembera sichikaniza kadontho kowonjezera, koma nyemba zikatha zatha. M'mawa mwake ndinalamula kuti aliyense ayambe walemba chiwerengero chonse pakona ya pepala, awerenge nyemba zokhazo, zina zonse abweze m'thumba. Akaika mabondi awiri ndi kukwaniritsa maokosijeni, nyemba 16 zimatha kaboni ali ndi 4 okha. Zikatero umakankha peya imodzi kuchoka pa okosijeni aliyense kulowa pakati, n'kupeza O=C=O, okosijeni aliyense atatsala ndi mapeya awiri.

Tsiku lomwelo, Lachitatu, ndinaphunzitsa fomo chaji, nambala yosonyeza ngati atomu pa chithunzi ili ndi maelekitironi ochuluka kapena ochepa kuposa amene inabwera nawo. Mnyamata wina anali atakankha mapeya onse awiri kuchoka kwa okosijeni mmodzi, n'kupeza O≡C–O. Maelekitironi anali 16, atomu iliyonse inali ndi 8, ndipo anandifunsa kuti walakwa pati. Funsolo linali loyenera. Ndinalemba pa bolodi kuti utenge amene atomu inabwera nawo, uchotse timadontho take, uchotsenso mizere yoikhudza. Pa chithunzi chake, okosijeni wa mizere itatu anapereka 6 − 2 − 3 = +1, wa mzere umodzi 6 − 6 − 1 = −1. Pa O=C=O aliyense amapereka 0. Ndiye ndinati chithunzi chabwino ndi chimene machaji ake onse ali 0. Ndinanena ngati lamulo losasweka, iwo n'kulemba m'makope, ena n'kudula mzere kunsi. Apo ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo sindinazindikire mpaka Lachinayi.

Lachinayi kunali kozizira, mwezi wa Juni uja, ndipo ndinasankha CO dala. Mpweya umenewu ndi umene umatuluka makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira, ndipo ndi umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ndinafuna aone mmene chinthucho chinamangidwira.

Kaboni 4, okosijeni 6, nyemba 10. Ndinazungulira m'madesiki ndipo pafupifupi onse anali atajambula chimodzimodzi: mizere iwiri pakati, peya imodzi pa kaboni, mapeya awiri pa okosijeni. Nyemba zonse 10 zinali pamalo. Kaboni 4 − 2 − 2 = 0, okosijeni 6 − 4 − 2 = 0. Anali atachita ndendende zimene ndinawauza.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sakonda kuyankhula, anali asanalembe kanthu. Anali ataika chala pa nyemba ziwiri za okosijeni, akuzikankhira pakati kenako n'kuzibweza.

"Madamu, ndikazisiya kuno machaji akukhala 0, koma kaboni ali ndi 6 basi. Ndikazilowetsa pakati onse akukwana 8, koma machaji akubwera. Nditsate lamulo liti?"

Ndinamupempha kuti ajambule chachiwiricho pa bolodi.

```
:C≡O:
C: 4 − 2 − 3 = −1
O: 6 − 2 − 3 = +1
```

M'kalasi munabuka phokoso. Wina anati n'zosatheka, chifukwa okosijeni ndi amene amakoka maelekitironi kwambiri kuposa kaboni, ndiye angakhale bwanji ndi +1? Ndinawauza poyera kuti dzulo ndinawapatsa lamulo mosalongosoka. Kwa kaboni, naitirojeni ndi okosijeni, choyamba n'kuyesetsa kuti aliyense akwane 8 ngati nyemba zikulola. Fomo chaji imabwera pambuyo, kudzasankha pakati pa zithunzi zimene zakwaniritsa kale zimenezo. Pa CO2 zithunzi zonse ziwiri zinali zokwana, n'chifukwa chake 0 anapambana. Pa CO chokwana ndi chimodzi chokha, cha mizere itatu.

Sindinafune kuti angokhulupirira pakamwa panga, poti dzulo lake pakamwa pomwepo panawasokeretsa. Ndinawapatsa zimene zinayezedwa. Mtunda wa pakati pa kaboni ndi okosijeni mu CO ndi mapikomita pafupifupi 113, pomwe mu CO2 ndi 116, ndipo mabondi akachuluka maatomu amayandikana. Kuti udule bondi ya CO pamafunika makilojulu oposa 1,070 pa molo imodzi, kuposanso ya N2 imene aliyense amavomereza kuti ili ndi mizere itatu.

Za +1 uja tinakhalapo nthawi yaitali. Fomo chaji ndi kawerengedwe ka pa pepala: timayerekeza kuti maelekitironi a mu bondi agawidwa pakati n'pakati, ngakhale tikudziwa kuti okosijeni amakokera kwake. Ndiye +1 sakutanthauza kuti okosijeni walandidwa elekitironi yathunthu. Akutiuza kuti pa mabondi atatuwo, imodzi okosijeni anaikamo maelekitironi onse awiri yekha, nyemba zija mtsikana ankakankha. Kukoka kwa okosijeni kumabweza zambiri mwa zimenezo, moti molekyulu yeniyeni mbali zake ziwiri zimasiyana chaji pang'ono kwambiri, koma kambali kopendekera ku − kali kwa kaboni ndithu. Ndipo CO ikalowa m'magazi, imagwira ayironi wa mu himogulobini ndi mbali ya kaboni, pa peya yokhala yokha ija, molimba kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Nditanena izi ndinaloza timadontho tiwiri ta kumanzere pa bolodi. Mnyamata wina anati agogo ake amalowetsa mbaula m'nyumba chaka chilichonse kukazizira, ndipo awaimbira foni madzulo.

Lachisanu ndinapereka kamayeso ka mphindi 15: CN⁻. Pofunika kukumbukira kuwonjezera nyemba imodzi chifukwa cha chaji ya −1, kuti 4 ndi 5 ndi 1 zikhale 10, chimodzimodzi CO. Yankho ndi mizere itatu, peya imodzi mbali iliyonse, kaboni −1, naitirojeni 0, ndipo machaji ukawaphatikiza ayenera kufanana ndi chaji ya chinthu chonsecho. Ambiri anakhoza. Amene analephera anali ataiwala nyemba yowonjezerayo n'kutsala ndi 9, kadontho kamodzi kali kokhakokha pa kaboni. Mapepala awo ndawaika padera, tidzayambira pamenepo Lolemba tisanalowe mu NO3⁻.