VPN ili yoyaka koma adiresi ya pakhomo ikuonekabe: Loweruka langa linathera pa IPv6

Mtima wakhala pansi tsopano, koma ndikakumbukira Loweruka lapitali ndimapsabe mtima. Ndimakhala ku Britain, ndipo ntchito yanga imafuna kuti ndikamalowa pa intaneti ndizidzera nthawi zonse pa VPN, mpita umene umabisa adiresi yanga yeniyeni ya pa intaneti. Kampani imene ndimalipirako inandipatsa fayilo ya WireGuard, pulogalamu yoyendetsera VPN, ndinaiika pa laputopu yanga ya Linux, ndipo kwa chaka chathunthu panalibe vuto. Mwezi wathawu ndinasamukira nyumba ina, rauta inanso. Tsiku lina VPN ili yoyaka bwinobwino, tsamba lina linandionetsa dzina la mzinda umene ndikukhala, pomwe seva ya VPN ili kudziko lina. Thupi linachita tsembwe.

Ndinalembera a kampaniyo m'mawa. Yankho linabwera masana, loti ndifufute zimene bulawuza imasunga. Ndinafufuta, osasintha kanthu. Kenaka akuti ndisinthe seva. Ndinasintha katatu. Chakumadzulo wina anandiuza kuti ndigule adiresi ya pa intaneti yangayanga, yolipira mwapadera mwezi ndi mwezi, ndipo poti ndinali nditatopa ndinalipira. Ndalama imeneyo ndiyo ikundiwawa mpaka lero, chifukwa adiresi imene anandigulitsayo inali ya IPv4, mtundu wakale wa ma adiresi, ndipo kumbali ya IPv4 kunalibe vuto chiyambire. Pa anthu atatu amene anandiyankha, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa ngati nyumba yatsopanoyo ili ndi IPv6, mtundu watsopano wa ma adiresi.

Musanalembere aliyense, musanalipire kalikonse, yatsani VPN ndipo mulembe mu teminolo mizere iwiri iyi, imene imaonetsa adiresi yanu ya IPv4 ndi ya IPv6:

```
curl -4 https://icanhazip.com
curl -6 https://icanhazip.com
```

Mzere woyamba unandipatsa adiresi ya VPN, monga ziyenera kukhalira. Wachiwiri unandipatsa adiresi yaitali yoyamba ndi 2a, ya kampani imene imandipatsa intaneti pakhomo. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti nyumbayi ili ndi makomo awiri, ine ndakhala ndikulondera limodzi.

Nkhani yake ili motere. Ma adiresi akale a IPv4 alipo pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha, ndipo anaperewera kalekale, n'chifukwa chake kunabwera IPv6. Mitundu iwiriyi imayenda limodzi pa waya mmodzi, koma kompyuta imasunga mndandanda wa njira za uliwonse paderapadera. VPN ikasintha njira za IPv4, za IPv6 zimatsala momwe zinalili. Ndiponso IPv6 sichita kudikira kuti muiyatse. Rauta imangolengeza yokha pa netiweki ya m'nyumba, laputopu n'kudzipangira adiresi, inu osadziwa. Choipitsitsa n'chakuti tsamba likakhala ndi ma adiresi a mitundu yonse iwiri, kompyuta imayamba yayesa IPv6. Ndiye kuti masamba akuluakulu, amene ambiri mwa iwo ali nayo IPv6, ndi amene ankadutsa kunja kwa mpita wa VPN, pomwe ang'onoang'ono a IPv4 yokha ankalowa mumpita mwaulemu. Kunyumba yakale rauta inalibe IPv6, n'chifukwa chake bowolo silinaonekepo, ngakhale linalipo kuyambira tsiku loyamba.

Nditatsegula fayilo ya `wg0.conf` ndinapeza mzere uwu:

```
AllowedIPs = 0.0.0.0/0
```

Ambirife timauwerenga ngati ukutanthauza kuti zonse zidzere pa VPN. Ayi, ukunena ma adiresi onse a IPv4 basi. Mnzake wa IPv6 amalembedwa `::/0`, ndipo munalibemo.

Ndayamba kudumpha, chifukwa mzerewu sindinaukonze nthawi yomweyo. Poyamba ndinathamangira kuzimitsa IPv6 yonse pa laputopu ndi `sudo sysctl -w net.ipv6.conf.all.disable_ipv6=1`. Kudontha kunasiya, ndinasangalala. Koma lamulo lolembedwa choncho silikhalitsa, ndipo nditazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, adiresi ya 2a ija inali itabwerera. Ndinazimitsanso IPv6, kenaka ndinawonjezera `::/0` mu fayilo ija kuti ndimange kawiri. `wg-quick up wg0` inakana kuyaka. Ola lathunthu linapita ndisanamvetse kuti ndikuiuza kuti iike njira ya IPv6 pa makina amene ndawaletsa IPv6. Ziwirizi siziyendera limodzi, musankhepo chimodzi.

Ine ndinasankha kubwezeretsa IPv6, 1 uja n'kukhala 0, ndi kulemba mzerewo chonchi:

```
AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0
```

Mukatero muzimitse VPN ndi `wg-quick down wg0`, muiyatsenso, ndipo mufunse kompyuta njira imene ingadzere popita ku adiresi ya IPv6 yodziwika. Ine ndinagwiritsa ntchito ya DNS ya Google:

```
ip -6 route get 2001:4860:4860::8888
```

Poyamba yankho linkasonyeza `dev wlan0`, kutanthauza kuti katundu akutulukira pa waifai mwachindunji. Tsopano likusonyeza `dev wg0`. Mawu awiri amenewa ndi amene ndinkafuna tsiku lonse.

Pali chimodzi chimene chingakudzidzimutseni. Seva ya kampani yanga ya VPN sinyamula IPv6, choncho zolowa mumpita za mtundu umenewu zimakathera komweko. `curl -6` tsopano imangodikira mpaka kulephera. Kulephera kumeneko n'kwabwino, chifukwa palibe chikutuluka ndi adiresi ya pakhomo. Bulawuza siivutika kwenikweni, poti ikaona kuti IPv6 yachedwa kwa kamphindi kosakwana sekondi imayesa IPv4 n'kupitiriza. Mapulogalamu ena akale alibe nzeru imeneyi, amayamba aima kaye kwa kanthawi. Ngati VPN yanu imanyamula IPv6, mudzaona adiresi yachiwiri pa mzere wa `Address` mu fayilo, nthawi zambiri yoyamba ndi fd, ndipo `curl -6` idzakupatsani adiresi ya VPN m'malo molephera. Zonse ziwiri zili bwino. Cholakwika ndi kuona adiresi ya kampani ya intaneti ya pakhomo. Mukaonanso adiresi yoyamba ndi fe80 pa makina anu musade nkhawa, imeneyo siidutsa rauta.

Ndatsala pang'ono kuiwala za mpanda. Kale ndinalemba malamulo a `iptables` oti VPN ikagwa pasatuluke kanthu, ndipo ndinkawadalira kwambiri. Malamulo amenewo saona IPv6 n'komwe, yake ndi `ip6tables`. Chaka chonse ndinkayenda ndi laputopu m'malo ogulitsa khofi ndi m'masiteshoni a sitima, ndipo paliponse pamene panali IPv6 mpandawo unali wotseguka mbali imodzi. Ndalemba malamulo ofanana mbali zonse ziwiri, n'kuyesa pogwetsa VPN dala.

Mnzanga wina amene amagwiritsa ntchito OpenVPN m'malo mwa WireGuard anapeza bowo lomweli nditamuuza kuti ayese mizere ija. Kwa iye mzere wa `redirect-gateway def1` unafunika kuwonjezera mawu oti `ipv6`, komanso kuyambira pa OpenVPN 2.5 pali `block-ipv6` wothandiza pamene seva ilibe IPv6. Amene muli pa Mac ndipo mwasankha kungozimitsa, lamulo lake ndi `networksetup -setv6off Wi-Fi`, koma limagwira pa waifai pokha. Mukalumikiza waya kapena foni, imeneyo ndi njira ina yofunika kuizimitsa payokha. Ichi n'chifukwa chake ine ndimakonda `::/0`, poti imagwira kulikonse kumene laputopu yalumikizidwa.

Ndibwerezenso, mizere iwiri ya `curl` ija muziiyesa pa netiweki iliyonse yatsopano, VPN ili yoyaka, ndipo muziyesa pa netiweki imene ilidi ndi IPv6. Pamalo opanda IPv6 mzere wachiwiri umalephera ngakhale bowo lilipo, munthu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Muyambe mwayesa VPN ili yozima kuti muone ngati adiresi yaitali ikubwera, kenaka muyatse n'kuyesanso. Lolemba ndinalembera kampani ija kuti andichotsere adiresi yolipira mwapadera ija, ndipo ndinawatumizira mzere wa `AllowedIPs` kuti akonze fayilo imene akupatsa anthu ena.