Momwe ndinachotsera dzina langa pa kontirakiti ya fulati ku Joni

Kusamuka pa nyumba ya lendi sikuchotsa dzina lako pa kontirakiti. Ukhoza kutulutsa katundu yense, kubweza makiyi, kupita kukakhala tauni ina, koma kwa landilodi ndiwe walendi ndithu mpaka pepala lina litasayinidwa. Ife a ku Malawi kuno ku Joni timakonda kutenga fulati awiriawiri kuti lendi ipepuke, ndiye nkhaniyi imatipeza kawirikawiri.

Ine ndi mnzanga wa kumudzi tinkakhala fulati ya zipinda ziwiri ku Rosettenville. Lendi inali R7,800 pa mwezi, dipoziti R7,800, aliyense anaikapo theka. Kontirakiti inali ya chaka, ndipo pomwe ndinkasamukira ku Pretoria chifukwa cha ntchito inali isanathe. Mnzangayo anati, "Pitani achimwene, ine ndizilipira." Sindinkamukayikira, koma kontirakiti yathu, monga zambiri za kuno, inali ndi ndime yonena kuti aliyense wa ife ali ndi udindo pa ngongole yonse. Ndiye kuti iye akalephera mwezi umodzi, landilodi safunsa theka kwa ine, amafunsa R7,800 yonse, ndi za madzi, ndi za chilichonse chowonongeka ine nditachoka kale. Maejenti ambiri amatumizanso mbiri ya kalipiridwe ku TPN, kampani yosunga mbiri ya momwe alendi amalipirira, ndipo dzina likada kumeneko, kupeza nyumba ina kumavuta.

Ndinalembera ejenti wa landilodi wathu pa imelo, osati pa foni. Ndinatchula adiresi ya fulati, tsiku lomwe ndinatuluka, ndi pempho limodzi lokha: andimasule ku kontirakiti kuyambira pa 1 mwezi wotsatira. Chifukwa cholembera n'chakuti kontirakiti yathu inali ndi ndime ina yonena kuti kusintha kulikonse kumagwira ntchito pokhapokha kutalembedwa ndi kusayinidwa ndi mbali zonse. Ejenti akakuuza pakamwa kuti palibe vuto, mawuwo sangakuteteze tsiku lomwe lendi yasowa.

Yankho loyamba linali lokana, ndipo sanalakwe. Landilodi sakakamizidwa kumasula munthu mmodzi pakati pa kontirakiti. Iye anavomera anthu awiri, ndipo kuchotsapo mmodzi n'kumuchepetsera komwe angakatole ndalama zake. Ejenti wathu ankafuna kuti malipiro a alendi akwane katatu ka lendi, kutanthauza R23,400 pa mwezi. Mnzanga yekha ankalandira R14,000. Nditaona masamu amenewa ndinasiya kuchonderera, chifukwa chomwe chinkafunika si chifundo koma munthu wolowa m'malo mwanga.

Njira ina inalipo. Lamulo loteteza ogula la 2008 limalola walendi kuthetsa kontirakiti ya nthawi yoikika popereka notisi yolemba ya masiku 20 ogwira ntchito, ndipo landilodi akhoza kulipiritsa chindapusa chosapyola muyeso. Koma ejenti anandiuza kuti notisi yotero aitenga ngati yothetsa kontirakiti yonse, ndiye mnzanga akanayenera kufunsira fulatiyo mwatsopano, ndi malipiro omwe sakukwana aja. Kumeneko kukanakhala kudzipulumutsa ine n'kumusiya iye panja. Kungodikira kuti chaka chithe nakonso sindinakukhulupirire, poti kontirakiti yotere ikatha popanda wonena kanthu, imapitirira mwezi ndi mwezi, maina ali omwewo.

Anatipulumutsa ndi msuweni wa mnzangayo, yemwe ankafuna malo pafupi ndi ntchito yake. Ankalandira R11,000, ndiye awiriwo pamodzi anafika R25,000. Anadzaza fomu ngati walendi watsopano aliyense: pasipoti ndi pemiti, mapeyisilipi, masitetimenti a ku banki a miyezi itatu, ndi chilolezo choti amufufuze mbiri ya ngongole. Pamenepa ndi pomwe anzathu ambiri amadulira njira, kungolowetsa munthu m'chipinda mwakachetechete n'kumalandira ndalama pamanja. Makontirakiti ambiri amaletsa zimenezi, ndipo dzina lomwe limatsala papepala ndi lako, osati la wogona m'chipindamo.

Atamuvomera, nkhani inatsala pa dipoziti, ndipo ndi yomwe inatitengera nthawi. Ine ndinkafuna R3,900 yanga. Ejenti anakana kuigawa, ponena kuti dipoziti ndi ya fulati ndipo imatuluka kontirakiti ikatha, osati munthu mmodzi akachoka. Lamulo la nyumba za lendi la 1999 limati ndalamayi isungidwe mu akaunti yobala chiwongoladzanja, ndipo walendi ali ndi ufulu wopempha umboni wolembedwa wa chiwongoladzanjacho. Ndinapempha, anatumiza. Tinagwirizana kuti dipoziti ikhale komwe ili, msuweniyo andibwezere ineyo gawo langa, ndipo dzina lake lilowe pa gawolo.

Koma munthu wanzeru sangagule gawo la dipoziti osadziwa kuti fulati ili bwanji. N'chifukwa chake ndinaumirira kuti ejenti abwere tiyendere nyumba limodzi, tonse anayi, tili ndi lipoti la tsiku lomwe tinalowa. Tinajambula zithunzi chipinda ndi chipinda. Panapezeka chitseko cha kabati ya kukhitchini chothyoka, chomwe pa lipoti loyamba chinali chabwino, ndipo tinachiika pa R500, theka langa R250. Panalinso bilu ya madzi ya R640 ya mwezi wanga womaliza, theka langa R320. Motero pa R3,900 anandipatsa R3,330, kuwonjezera kachiwongoladzanja ka gawo langa, kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Popanda kuyendera kumeneku, chitseko chija chikanadzakhala mkangano chaka chamawa, wina akuti ndinachipeza chotero, wina akuti munathyola ndinu.

Pepala lenilenilo linali tsamba limodzi lowonjezera pa kontirakiti. Ejenti analipiritsa R850 yolembera ndi kufufuza, ndipo ndinalipira ine poti wofuna kutuluka ndinali ine. Zomwe anatumiza poyamba zinkangonena kuti msuweniyo wawonjezedwa ngati walendi. Za ine panalibe liwu, kutanthauza kuti tikanakhala alendi atatu. Ndinabweza, n'kupempha kuti alembe momveka kuti kuyambira tsiku lakutilakuti landilodi wandimasula ku udindo wonse wa kontirakitiyo, kuti pofika tsikulo ndilibe ngongole iliyonse, ndi kuti gawo langa la dipoziti lapita kwa walendi watsopano. Ndime yonena kuti palibe ngongole musaisiye, chifukwa kuno ngongole ya lendi akhoza kukulondola nayo mpaka zaka zitatu.

Tinasayina ife atatu, kenako pepala linapita kwa landilodi. Onetsetsani siginecha imeneyi. Ngati wasayina ndi ejenti yekha, funsani ngati ali ndi mphamvu yosayinira mwini nyumba, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ine sindinaletse dongosolo la ku banki lodula gawo langa la lendi mpaka kope yokhala ndi masiginecha onse itafika pa imelo yanga. Mwezi wotsatira ndinapempha mnzanga anditumizire sitetimenti ya lendi, kuti ndione ngati dzina langa lachokadi m'kompyuta mwa ejenti. Linali likadalipo. Ndinatumizanso imelo ndi kope ija, anakonza.

Landilodi akakana munthu wolowa m'malo, Rental Housing Tribunal ya m'chigawo chanu imamva madandaulo a alendi ndi eni nyumba kwaulere, koma musapiteko poganiza kuti ikamukakamiza kukumasulani. Imathandiza kwambiri pa za dipoziti yosabwezedwa kapena ndalama zodulidwa popanda malisiti. Pa dzina, chomwe chimasuntha landilodi ndi walendi wina wokwanitsa lendi, ndiye muyambe kumufunafuna musanalongedze katundu.