Ndafika pa zovala za angelo atatu a Rublev

Thabwa langa lauma, mizere ya pensulo yatha, tsopano ndayamba kupaka penti. Chimene ndikukopera ndi chithunzi cha Utatu Woyera chimene Andrei Rublev anajambula ku Russia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Nkhani yake ndi ya pa Genesis 18, alendo atatu aja amene anafika kwa Abrahamu ku Mamre. Koma Rublev anasiya Abrahamu ndi Sara kunja, n'kungotsala angelo atatu atazungulira tebulo.

Atatuwa nkhope ndi zofanana. Aliyense ali ndi mkombero wowala kumutu, ndipo aliyense wagwira ndodo yopyapyala kumanzere, zonse zotalika mofanana, kusonyeza kuti ulamuliro wawo ndi umodzi. Pa zithunzi za Aorthodox, Akhristu a mpingo wa Orthodox, mkombero wa Yesu umakhala ndi mtanda mkati, ndiye sumuphonya. Apa mtandawo suoneka, n'chifukwa chake akatswiri akhala akutsutsana kuti Atate ndi uti, Mwana ndi uti. Wofuna kuwasiyanitsa ayang'ane zovala.

Buluu, mtundu wa kumwamba, ali pa onse atatu, koma sanagawidwe mofanana, ndipo apa ndi pamene ndachedwa kwambiri sabata ino. Mngelo wa kumanzere buluu wake akungosuzumira pachifuwa. Kwina konse wakutidwa ndi chofunda chosatchulika mtundu, pena chofiirira pena chagolide. Ambiri amati ameneyu ndi Atate, amene munthu sanawaonepo. Wapakati, amene ambiri amati ndi Mwana, wavala mkanjo wofiira moderapo, mtundu wa dothi ndi magazi, buluu n'kukhala chofunda chapamwamba, kutanthauza munthu ndi Mulungu mwa mmodzi. Kumbuyo kwake kuli mtengo, umene umakumbutsa mtanda, ndipo dzanja lake likudalitsa chikho cha patebulo momwe muli mutu wa mwana wa ng'ombe, nsembe. Wa kumanja buluu ali mkati, pamwamba pali chofunda chobiriwira ngati msipu wongophuka, mtundu wa moyo umene Aorthodox a ku Russia amakongoletsa nawo matchalitchi pa Pentekoste. Ameneyo ambiri amati ndi Mzimu Woyera.

Ndiye wokopera asamale dzanja. Ukangochulutsa buluu wa kumanzere uja kuti chithunzi chikongole, wasintha zimene chikunena. Ine ndayamba ndi buluu wopyapyala, ndipo chofundacho ndidzachipaka pamwamba ndi penti wosungunula kwambiri kuti wa pansiyo aziwonekera patalipatali.

Mikombero ndiyo yandiimika. Pa zithunzi zosindikiza imaoneka yoyera, ndipo ena amati kuyerako kukuimira chiyero. Sindikugwirizana nazo. Rublev anaikapo golide, koma golideyo anafufutika pafupifupi yense, n'kutsala choko chapansi. Ndiye ndisankhe: ya golide ngati poyamba, kapena yoyera ngati lero. Ndikupendekera ku golide, ngakhale penti wagolide wa m'sitolo amanyezimira mopitirira. Ndiyamba ndamuyesa pa kachidutswa ka thabwa buluuyu akamauma.