Galu wa Lachisanu madzulo, chiberekero chodzaza mafinya

Sabata yathayi ndatopa zedi ndipo mtima sunakhale pansi mpaka pano. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali kunja ndi katemera wa chiwewe, Lachitatu tinafula amphaka awiri, Lachinayi ku kiliniki yathu ya ziweto kunabwera tiana ta agalu tinayi todwala paravo ndipo kamodzi sikanapirire. Zonsezo ndi zamasiku onse. Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi galu amene anabwera Lachisanu cha m'ma 5 madzulo atamunyamula pa chitenje.

Ndi wamkazi, zaka 7, makilo 24, sanachotsedwepo chiberekero. Mwini wake ndi mayi wina wa kwathu ku Angoniya koma amakhala ku Matundo, ndiye titangoyamba kulankhula chathu anamasuka nkundiuza zonse. Akuti anabwera naye kale Lachiwiri chifukwa samadya, amangogona komanso amamwa madzi ngati ng'ombe. Kuno ku Tete mwezi wa Okutobala dzuwa likamapitirira madigiri 40 aliyense amangoti ndi kutentha, ndipo nawonso anaganiza choncho kwa masiku angapo. Nditatenga khadi lake ndinapeza mnzanga wachinyamata amene timagwira naye ntchito anamuyeza magazi bwinobwino, WBC, chiwerengero cha maselo oyera, inali 36 pomwe galu wabwino amakhala pakati pa 6 ndi 17, kutentha kwa thupi 39.1. Anaganiza za matenda a nkhupakupa nkumupatsa dokisisayikilini. Sindikumunena mwanayu, anachita zomwe akanatha ndi zomwe zinali m'manja mwake, chifukwa makina athu a ekogarafiya, ounikira m'mimba, ndi amodzi okha ndipo ashefe anali atawatenga kupita nawo kumafamu kukayeza bere la ng'ombe kuyambira Lolemba. Anabwera nawo Lachinayi usiku. Masiku anayi kiliniki yonse ili ngati yakhungu.

Funso limodzi silinafunsidwe Lachiwiri lija. Ndinati, "Amayi, galuyu anamaliza liti kufuna amuna?" Iwo anawerenga ndi zala nkuti pafupifupi masabata asanu ndi limodzi apitawo, agalu a m'mudzi ankadzaza pageti. Kenako anawonjezera okha kuti zaka ziwiri zapitazi akhala akumubayitsa jakisoni wolera uja wa anthu kwa mnyamata wina woyendayenda, koma ulendo uno anachedwa. Apo mpamene ndinadziwa kuti ndi payometira, matenda a mafinya m'chiberekero, ndisanagwire nkomwe makina.

Galu akamaliza nyengo ija pulojesiteroni, homoni yosunga bere, amakhala pamwamba pafupifupi miyezi iwiri kaya watenga bere kaya ayi. Ameneyo amakhuthalitsa mkati mwa chiberekero, amachititsa kuti muzituluka timadzi, amatseka khomo la chiberekero ndipo minofu yake siyifinya. Mabakiteriya amene analowa khomo lili lotsegula, makamaka ikolai wa m'chimbudzi chake chomwe, amapeza nyumba yofunda yotseka chitseko. Jakisoni wolera uja ndi wa mtundu womwewo wa pulojesiteroni ndiye amangowonjezera nkhuni pamoto. Mayiwo anati, "Koma adokotala, kumbuyoku sikukutuluka kalikonse." Ndinawauza kuti zimenezo nzimene zikundiwopsa. Khomo likakhala lotsegula mafinya amatuluka, amanunkha, mwini amaona msanga nkubwera. Likatseka zonse zimatsalira mkati nkumafufuma.

Patebulo galuyo anali wozizira, 37.4, mtima ukuthamanga 160 pa mphindi, nkhama zouma ndipo ukadina chala mtundu umabwerera pakadutsa masekondi atatu. Mimba yotupa. Sindinafinye kwambiri, chiberekero chotere sumachisewera nacho. Magazi anatuluka chonchi:

```
WBC   7.2 x10^9/L
HCT   48 %
CREA  210 umol/L
GLU   3.1 mmol/L
```

Mnzanga uja ataona 7.2 nkhope inawala, akuti mankhwala agwira, tatsika kuchoka pa 36. Apa mpamene ndikufuna anzanga mumve, chifukwa nambala imeneyi imapha agalu. Galu amene akuoneka woipa kuposa Lachiwiri koma maselo oyera atsika kufika pooneka ngati abwinobwino, sikuti wachira. Maselowo akuthera m'chiberekero mofulumira kuposa momwe mafuta a m'mafupa angapangire ena. Ndinapaka dontho pagalasi tinayang'ana limodzi pa mayikulosikopu, maselo oyera otchedwa manyutirofilo ambiri anali osakhwima aja okhala ngati kachitsulo kopinda, mkati mwake muli thovuthovu. Makina amangowerenga mitu, sakuuza kuti otsalawo ndi ana okhaokha. Ukaphatikiza ndi shuga wotsika ndi thupi lozizira, ndiye kuti poizoni walowa kale m'magazi monse.

HCT ya 48, muyeso wa maselo ofiira m'magazi, nayonso imanamiza. Agalu a payometira nthawi zambiri magazi amakhala ochepa pang'ono, ndiye ukaona 48 pa galu wouma nkhama dziwa kuti ndi kuchepa kwa madzi kwabisa, ukamuika diripi itsika. Za kiriyatinini, CREA ija yoonetsa momwe impso zikugwirira ntchito, 210 ndi yokwera ndithu koma siyikuuza yokha ngati impso zafa kapena zangosowa madzi. Poizoni wa ikolai amalepheretsa impso kumva homoni yosunga madzi, nchifukwa chake galu amakodza kwambiri nkumamwa kwambiri, si dzuwa la Tete ayi. Mkodzo ndinkaufuna koma sindinabaye singano pachikhodzodzo, pamimba yotere ukhoza kuboola chiberekero mafinya nkutayikira mkati. Ndipo kambale koyezera impso kameneka kanali komaliza m'firiji, tinapempha ena mwezi watha mpaka lero.

Pa ekogarafiya sipanafunike kusakasaka. Ndinayambira pachikhodzodzo monga mwa nthawi zonse, chakuda bii, ndipo pambali pake ndi kutsogolo kwake panali mabwalo akuluakulu odzaza madzi, ena masentimita 5 ena 6 m'mimba mwake, ukatembenuza mutu wa makina mabwalowo amasanduka mipope yopindapinda. Madzi ake sanali akuda ngati mkodzo, anali otuwa ndi tinthu tikuyandama ngati thobwa ukaligwedeza. Ndinamuonetsa mnzanga kusiyana kwake ndi matumbo, matumbo amakhala ndi mizere mizere pakhoma ndipo amayenda, izi zinali phee. Bere silinali, pa masabata asanu ndi limodzi bwenzi tikuona timitu, misana ndi mitima ikugunda. Chimene chinandiumitsa mkamwa ndi kachidutswa kakuda ka makona atatu kunja kwa chiberekero pafupi ndi chikhodzodzo, madzi amene ali pamalo posayenera. Ndinatengako pang'ono ndi singano ndikuyang'ana pa makina, anali avumbwevumbwe, ndipo pagalasi munali mabakiteriya mkati mwa maselo. Chinali chitayamba kudontha.

Mayiwo anafunsa ngati sitingangomubaya majakisoni amphamvu tidikire Lolemba amuna awo akalandira. Ndinawafotokozera kuti thumba la mafinya lalikulu chonchi lotsekeka, mankhwala opha mabakiteriya salowamo mokwanira, ndipo khoma lake likupyapyala ola lililonse. Mankhwala otulutsa mafinya alipo, koma ndi a galu wamng'ono amene akadali ndi mphamvu ndipo akufunidwa kuti adzabereke, amatenga masiku kuti agwire ndipo matendawa amakonda kubwerera. Pa chiberekero chodontha, mankhwala ofinyitsa akhoza kungochiphulitsa. Ndinati, "Amayi, Lolemba mudzabwera kudzatenga mtembo."

Kenako vuto lathu lija. Lamulo la pano ndi lakuti opaleshoni siyiyamba ndalama yonse isanalowe. Mayiwo anali ndi theka. Ndinaimbira ashefe katatu osayankha, kachinayi anayankha nkuti lamulo ndi lamulo. Ndinawauza kuti galuyu akanaonedwa Lachiwiri makina akanakhalapo, opaleshoni ikanakhala yosavuta ndi yotchipa, ndiye kuchedwaku si kwa mayiwa okha. Panali zii pafoni, kenako anati ndisayinire ine kuti ikapanda kulowa adzadula pamalipiro anga. Ndinasayina. Zinandiwawa ndipo zikundiwawabe.

Changu sikuthamangira mpeni. Galu wotere ukamugoneka nthawi yomweyo amafera patebulo. Tinamuika diripi, soro wa ringa lakiteti, mamililita 360 pa mphindi 15, tinabwerezanso, tinawonjezera shuga ndi mankhwala opha mabakiteriya a mumtsempha, ndi oletsa ululu osakhudza impso, melokisikamu ndinakana. Patatha maola awiri mtima unatsika kufika 125, nkhama zinayamba kunyowa, anakodza. Apo ndi pomwe tinalowa, cha m'ma 8 usiku. Kudikira kuposa apo sikukanamuwonjezera kanthu chifukwa gwero la poizoni linali likadali mkati.

Ndinacheka motalika kuti ndisakoke, chiberekero chotere umachinyamula ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Nyanga zonse ziwiri zinali ngati mkono wanga, zofiirira, mitsempha yake yotupa ngati chala, ndipo kumanzere pafupi ndi dzira panali pamalo pofewa pakuda pamene pankachucha. Tinazinga ndi nsalu zonyowa, ndinamanga mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khomo payokhapayokha ndisanadule, ndinachotsa zonse pamodzi ndi mazira. Pasikelo chinalemera makilo 2.8. Kutsuka m'mimba kunatha mabotolo anayi a soro wofunda ndipo awiriwo mnzanga anachita kukagula ku famasi ndi ndalama zake chifukwa m'kabati munatsala awiri okha.

Ndinagona pabenchi la kiliniki usiku umenewo ndikudzuka ola lililonse. Loweruka masana ananyambita kankhuku pang'ono. Lamulungu HCT inali 29, monga ndinanenera kuti madzi akabwerera zenizeni zioneka, ndipo WBC inakwera kufika 41. Mnzanga anachitanso mantha, ndinamuuza kuti ulendo uno ndi nkhani yabwino, mafupa akupangabe maselo koma dzenje lomwe ankatheramo lachotsedwa, itsika yokha pakapita masiku. Kiriyatinini tinatumiza ku labu ina chifukwa ife tilibe choyezera, yabwera 132, ndiye impso zikuoneka kuti zibwerera, tidzayezanso pakatha masabata awiri.

Lero m'mawa mayiwo abwera ndi mbatatesi za ku Angoniya m'kathumba ndi gawo lina la ndalama ija. Galu anawagwedezera mchira ali chigonere. Pa khadi lolandirira odwala ndalembapo ndi cholembera mzere watsopano wakuti galu wamkazi aliyense wosachotsedwa chiberekero afunsidwe tsiku lomwe anamaliza kufuna amuna komanso ngati anabayidwapo jakisoni wolera. Makina a ekogarafiya akuti Lachitatu akupitanso kumafamu, ndipo mawa ndikukakumana ndi ashefe pa nkhani imeneyo.