Pulasi amene anabisala mu mng'alu wa foni yanga

Foni yanga inagwa ndili pa kabaza ku Katoto, galasi n'kung'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mayi a kunyumba anandiuza kangapo kuti ndikasinthitse, ine n'kumati bola ikulira.

Tsiku lina madzulo, kamvula ka ku Mzuzu kaja kakuwaza, mwana wa mlongo wanga amene ali Fomu 4 anaponya chithunzi pa gulu lathu la pachibale la pa WhatsApp. "Amalume, yankho langa likukana. Ndalakwitsa pati?" Ine ndinaphunzitsapo masamu, ndiye pachibale amanditenga ngati khoti lalikulu. Pa chithunzipo panali izi:

```
1) 5 − 2(x − 3) = 3x + 1
2) 5 − 2x + 6 = 3x + 1
3) 11 − 2x = 3x + 1
4) 11 + 1 = 3x + 2x
5) 12 = 5x
6) x = 2.4
```

Zoti yankho ndi lolakwika ndinatsimikiza msanga. Mukaika 2.4 m'malo mwa x mu funso, kumanzere mupeza 6.2, kumanja 8.2. Koma nditangoona mayinasi kutsogolo kwa mabulaketi, mtima unati wakuba ndamudziwa kale. Ana ambiri amagwera pamenepo: amachulukitsa −2 ndi −3 n'kulemba −6. Ndinayang'ana mzere wachiwiri, ndipo ndikulumbira, ndinaona −6.

Basi ndinakhosomola, n'kujambula uthenga wa mawu wa mphindi 4. Ndinalalikira kuti mayinasi akachulukitsana ndi mayinasi mnzake amabereka pulasi, ndinadandaula za ana a masiku ano, ndinakumbutsanso kuti mayeso a MSCE sadziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Mlongo wanga anathira ndemanga: "Muuzeni achimwene, amangokhalira foni ameneyu."

Mwanayo anayankha mwaulemu wopweteka. "Pepani amalume. Ngati ndinalemba −6, nanga 11 wa mu mzere wachitatu wachokera kuti?"

Tiyi anandizizirira m'kamwa. 5 kuchotsapo 6 ndi −1. Kuti 11 apezeke, mwana anaphatikiza 5 ndi 6, ndipo umboniwo unali pansi pomwepo, ine osauwerenga. Nditakuza chithunzi ndi zala n'kuchisuntha pang'ono, kamzere koimirira ka pulasi kanatuluka mu mng'alu muja ngati mbewa ku una.

Apa ndiye ndinatenga pepala n'kuchita zimene ndinkauza ana anga a sukulu kale. Choyamba ndinamuuza ajambulenso funso la m'buku, chifukwa ena amalakwitsa pokopera, iwe n'kumavutika ndi samu imene palibe anafunsa. Linali lomwelo. Kenako ndinaisova ndekha osayang'ana zake, n'kupeza x = 2.

Ndi 2 ameneyo ndinayamba kugogoda mzere uliwonse. Mzere umene uli bwino, mbali zake ziwiri zimafanana ukaikamo yankho loona. Woyamba: 7 ndi 7. Wachiwiri, umene ndinaunyoza pamaso pa mtundu wonse: 5 − 4 + 6 ndi 7, kumanja 7. Wachitatu: 11 − 4, 7 yemweyo. Wachinayi: kumanzere 12, kumanja 10. Wakuba uja anali apa.

Chochititsa chidwi n'chakuti mu mzere womwewo mwana anachita china bwinobwino. −2x anamuwolotsa n'kukhala +2x, koma 1 anawoloka ndi pulasi wake osasintha. Mizere 5 ndi 6 sindinaiwerengere mlandu: 11 + 1 ndi 12 ndithu, ndipo 12 kugawa ndi 5 ndi 2.4. Inangolandira matenda kuchokera pamwamba. Mukathetha yonse itatu, mwana amaganiza kuti walakwitsa katatu, chonsecho ndi kamodzi.

Ulendo uno sindinajambule mawu. Ndinamulembera kumbali, osati pa gulu: "Iwe, mizere 1 mpaka 3 ili bwino. Pa mzere 3, tachotsa 1 mbali zonse ziwiri, ngati sikelo ya mu msika yoyezera nyemba. Kumanzere kwatsala chiyani?" Zoti nambala ikawoloka imasintha chizindikiro ndinazipewa dala, chifukwa kuloweza kumeneko ndi kumene kunamutereretsa. Sipanathe mphindi ziwiri, wabweza: 11 − 1 = 5x, 10 = 5x, x = 2. Anaonjezanso yekha kuti waika 2 mu funso ndipo wapeza 7 uku ndi uku.

Ndinathamangira pa gulu kuti ndifufute ulaliki uja, koma anthu 14 anali atamvera kale, kuphatikizapo apongozi. M'mawa mwake ndikumwa phala, mayi a kunyumba anaika ndalama pambali pa mbale yanga. "Iyi ndi ya galasi la foni," anatero. "Ya magalasi a maso tikamba mwezi ukatha."