Mmene ndinakonzera mndandanda wojambulira pemphero la m'mawa

Kakanema kake nkamasekondi 90, kotsata mlamu wanga wa ku Kapata amene amagulitsa m'sitolo m'tauni mwa Chipata. Ndisanalembe kalikonse ndinapita kukangoonerera m'mawa wake, foni ili m'thumba. Iye anandichenjezeratu kuti: "Alamu, ndikatseka maso musadzandiuze kuti ndibwereze."

Mawu amenewo ndiwo anandigawira mndandanda pawiri. Pali zimene tingajambule kangapo, monga kukoleza mbaula ndi kumanga chitenje, ndiye pali pempherolo, lomwe limachitika kamodzi basi. Chifukwa chake papepala ndinayamba kulemba za pemphero ngakhale kuti mu kanema lili pakati.

Ndinalipatsa masekondi 35. Foni ndinalemba kuti iikidwe pampando, cham'mbali mwa mayiyo, yotsamiritsidwa ku mabuku, ndipo iyambe kujambula iye asanagwade. Kumujambula maso ndi maso sindikufuna, munthu amayamba kupempherera foni. Ine ndituluke, ndikaime kukhomo. Mawu atengedwe ndi foni yachiwiri yoikidwa pamphasa, chifukwa amapemphera monong'ona ndipo atambala a oyandikana nawo sachita ulemu. Pomwe akutchula maina a ana ndi mavuto a m'banja ndinalembapo kuti mawuwo adzatsitsidwe, ndipo iye adzamve kaye tisanaonetse munthu.

Chovuta china ndi kuwala. Amadzuka 04:50, ndipo mu Juni dzuwa kuno limatuluka itapitirira 06:00, kotero theka loyamba lonse ndi lamdima. Magetsi sindinawadalire. Ndinalemba nyale yasola imodzi, yoloza kukhoma kuti kuwala kubwerere kofewa pankhope. Mukaona chithunzi chili ndi timadontho tonga mchenga, dziwani kuti foni ikuvutika, sendezani nyale pafupi.

Zotsalazo zinangolowa m'malo mwake. Poyambira ndi dzanja likuzimitsa belu la pafoni, masekondi 5. Kenako makala akuyaka ndi poto wamadzi akutelekedwa, masekondi 8, chifukwa iye amapemphera madzi akufunda, nthawi ina alibe. Chala chikutsata mzere m'Baibulo ndinachipatsa 12, chojambulidwa pafupi kuti masamba othaitha aoneke. Pemphero likatha akudzutsa ana, kuwagwira pamutu mmodzimmodzi, phala lili patebulo, 15.

Gawo la mumsewu, masekondi 15 otsiriza, ndinalisiyira tsiku lina. Akukwera njinga yahayala kulowera ku Great East Road, chikwama chili pamiyendo, ndipo wanjingayo tiyenera kugwirizana naye dzulo lake, timulipirenso nthawi yomwe tamuchedwetsa. Ndinalembanso pambali mtundu wa chitenje ndi mpango zimene anavala tsiku loyamba, kuti asadzatuluke m'nyumba atavala zobiriwira n'kukafika panjinga atavala zofiira.